Abasala atsekera buku mu dilowa: yankho langa kwa chemwali wa mu ofesi ya fizi

"Ndili ndi zaka 26, ndimagwira ntchito mu ofesi yolandira fizi pa sukulu ina ya sekondale yomwe si ya boma. Abasala athu akuyandikira zaka 60 ndipo chilichonse amalemba m'buku. Ine ndinayamba kulowetsa malipiro mu Excel, ndipo nditaona kuti ndalama sizikugwirizana ndinalemba pa gulupu ya WhatsApp ya ogwira ntchito kuti tithandizane kuona. Chiyambire tsiku limenelo sakundiyankhula, buku akumalitsekera mu dilowa, ndipo auza ahedi kuti ndine wamwano. Ndalakwa chiyani, poti ine ndimangofuna ntchito iziyenda? Ndisiye Excel kapena ndilimbikire?"

Musasiye, chemwali. Koma musanatsegulenso laputopuyo, mundilole ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso angawa, chifukwa kalata yanu yandiyabwa pamalo pomwe ndinkaganiza kuti panapola kale.

Ndinagwirapo ntchito ya ukalaliki pa sukulu ina yogonera konko, m'chigawo chapakati. Ine ndinali wolemba makalata ndi kusunga mafayilo a ana, ndiye tebulo langa linali pakona, pakati pa abasala ndi mnyamata wina amene mwini sukulu anamulemba ntchito atangomaliza dipuloma ya zowerengera ndalama. Abasalawo anali bambo wamtali, wosakonda zoyankhulayankhula, wovala tayi ngakhale mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Buku lawo linali lachikuto chakuda, msana wake womata ndi selotepi, mwana aliyense ali ndi tsamba lake. Zolembedwa ndi inki ya buluu zinali ndalama zolowa. Zofiira zinali ngongole. Ndiye panali za pensulo, tizilemba ting'onoting'ono m'mphepete mwa tsamba, timene palibe wina ankatimvetsa koma iwo okha. Mnyamata uja ankatiseka tizilembato. Ankati madala akulemba zamatsenga.

Nthawi imeneyo makolo anali atasiya kale kudalira kubwera ndi ndalama m'manja. Airtel Money inayamba m'dziko muno mu 2012, Mpamba ya TNM inatsatira mu 2013, ndipo patapita zaka zingapo fizi inkalowa njira zitatu: ya pamanja, ya ku banki, ndi ya pafoni. Buku lija linapangidwa nthawi yomwe kholo linkafika lokha, kupereka ndalama, n'kulandira lisiti ya kaboni pompo. Tsopano ndalama zinkafika usiku pafoni ya sukulu, dzina lotumiza lili la ejenti wa pa msika, mwana wake osadziwika mpaka munthu ataimba. Ndiye mnyamatayo sankanama ponena kuti buku lalemedwa. Kumapeto kwa teremu abasala ankatha sabata yathunthu akuwonkhetsa ndi kakyuleta, ahedi akudikira kuti adziwe ndani ali ndi ngongole.

Mnyamatayo anatenga buku la malisiti la teremu yoyamba, n'kulowetsa zonse mu Excel. Kenako anatenga sitetimenti ya ku banki, mauthenga a pafoni ya sukulu ndi ndalama za pamanja, n'kuwonkhetsa. Malisiti ankaonetsa kuti sukulu yalandira ndalama zoposa zomwe zinalowadi ndi K350,000. Anachita ndendende zomwe mwachita inuzi. Sanafunse munthu amene anakhala naye mikono iwiri yokha. Anajambula sikirini n'kuponya pa gulupu, pansi pake n'kulemba kuti, "K350,000 sikuoneka, tithandizane."

Pa gulupupo panali ahedi, mwini sukulu, aphunzitsi onse, ametironi, ngakhale adalaivala. Kutacha, ophika kukhitchini anali atamva kale kuti abasala adya fizi. Mnyamatayo sanatchule dzina la munthu, n'zoona, ndipo anakakamira mfundo imeneyo mpaka kalekale. Koma pa sukulu pamene wogwira ndalama ndi mmodzi, ukanena kuti ndalama sizikuoneka watchula kale dzina. Inunso chemwali mukudzifunsa kuti mwalakwa chiyani poti simunanene kuti aba. Munanena. Munangogwiritsa ntchito manambala m'malo mwa mawu.

Abasala sanayankhe pa gulupu. Anafika m'mawa, kupachika jekete, kutulutsa buku, n'kupempha mwini sukulu kuti akhale pansi. Ine ndinali pakona panga ndikunamizira kusanja mafayilo. Anatsegula tsamba la mtsikana wina wa Fomu 2. Fizi yake, K150,000, inalembedwa kuti yalipidwa yonse, ndipo lisiti inaperekedwa. M'mphepete munali pensulo: "mat. 5, stolo." Bambo a mwanayo anali mlimi, ndipo anagwirizana ndi mwini sukulu yemweyo kuti apereke matumba asanu a chimanga pa mtengo wa K30,000 thumba limodzi. Chimangacho chinalowa m'stolo, ana anadya, ndipo ku banki sikukanaoneka kanthu. Mwini sukulu anangogwira pakamwa, chifukwa anali ataiwala kuti ndi iye amene analola.

Anatsegulanso tsamba lina. Mwana wa mphunzitsi wa masamu, K120,000, pensulo ikuti "sal." Ndalamayo inkadulidwa ku malipiro a mphunzitsiyo, K40,000 pamwezi kwa miyezi itatu. Lisiti inalembedwa, koma ndalama sinadutse m'manja mwa munthu aliyense. Pamenepo K270,000 inali yapezeka, ndipo mnyamata uja anali akuyang'ana pansi.

Koma panatsala K80,000, ndipo apa ndi pomwe ndimasiyana ndi anthu amene amakonda kufotokoza nkhani zotere ngati kuti wamkulu salakwa. Abasala anafufuza mpaka masana osaipeza. Anaipeza ndi mnyamata yemwe uja, ndi Excel yomwe ija. Kholo lina linatumiza K80,000 pafoni kumayambiriro kwa teremu, mwana n'kukaonetsa uthenga ku ofesi, n'kulandira lisiti. Patatha milungu ingapo, mchimwene wake wa mwanayo anabwera ndi chithunzi cha uthenga womwewo pafoni yake. Abasala anaona dzina la sukulu, anaona ndalama, n'kulembanso lisiti yachiwiri. Sankayang'ana nambala ya uthenga, ija yaitali yosakaniza zilembo ndi manambala imene imabwera ndi malipiro aliwonse a pafoni, chifukwa m'buku mwawo munalibe malo oilemba. Kaya banjalo linachita dala kaya ayi, sukulu inali italuza K80,000, ndipo buku silikanagwira zimenezo ngakhale akanaliwerenga kakhumi.

Ndiye taonani momwe zinathera. Pa K350,000 ija, K270,000 inali nzeru imene inali m'mutu mwa abasala ndi mu pensulo yawo, imene kompyuta sinauzidwe. K80,000 inali bowo lenileni limene kompyuta yokha ikanaliona. Akanakhala pansi awiriwo kwa ola limodzi, nkhani ikanathera pa tebulo, ndipo abasala akanaphunzira kulemba nambala ya uthenga popanda wina wodziwa kuti anapusitsidwa. M'malo mwake anthu awiriwa anatha chaka akupatsirana mapepala kudzera mwa ine.

Anthu amakonda kunena kuti akuluakulu amaopa kompyuta. Ine ndimakana. Bambo omwewo ankatumizira ndalama mwana wawo ku koleji pa Mpamba, ankagula mayunitsi a magetsi pafoni, ankamvera mauthenga a mawu a ku mpingo pa WhatsApp. Chimene ankaopa n'china. Kwa zaka zambiri, aliyense wofuna kudziwa za ndalama za pa sukulupo ankagogoda pa chitseko chawo. Ulemu wawo wonse unali pamenepo, poti malipiro ake enieniwo anali ochepa. Lero pabwera mwana wobadwa iwo atayamba kale ntchito, ndipo ahedi akumudutsa munthu wamkulu n'kukafunsa mwanayo, "Tandionere pa kompyutapo." Wina amene watsala ndi zaka zochepa kuti apume, pa sukulu yoti mwini wake akhoza kumuuza mawa kuti zikomo kwambiri, akaona zimenezo amadziwa kumene mphepo ikulowera. Kutsekera buku mu dilowa si nkhanza chabe. Ndi chinthu chokhacho chimene chatsala m'manja mwawo.

Ndipo achinyamata mumandikwiyitsa pa chinthu chimodzi, mundikhululukire. Mumaganiza kuti chinthu chikakhala pa sikirini ndiye kuti n'choona. Mnyamata yemwe uja, teremu yotsatira, anafuna kusanja mayina a ana motsata alifabeti. Anasankha kolamu ya mayina yokha n'kudina Sort. Excel imachenjeza pamenepo, imatulutsa kabokosi kofunsa ngati ukufuna "Expand the selection" kapena "Continue with the current selection". Iye mothamanga anasankha chachiwiricho. Mayina anasuntha, ndalama zinatsala pomwe zinali. Choopsa cha vuto limeneli n'chakuti chiwonkhetso cha pansi sichisintha ngakhale tambala imodzi, ndiye ukayang'ana umati zonse zili bwino. Anapulinta mndandanda wa angongole, ahedi anasayina, ndipo ana anayamba kuitanidwa kuti alongedze azipita kwawo kukatenga fizi. Abasala anangoyang'ana pepalalo kamodzi n'kuloza dzina lachitatu. "Uyu amamulipirira a mpingo chaka chonse. Ngongole waitenga kuti?" Ana awiri anali atafika kale pa siteji ya minibasi, mlonda anachita kuwathamangira.

Palinso tizinthu tina timene timachititsa manyazi munthu wa laputopu pamaso pa munthu wa buku. Manambala a foni a makolo amayamba ndi ziro, kaya 099 kaya 088, ndipo Excel imameza ziro ameneyo ngati kolamuyo sunaiike pa Text. Madeti nawo amatembenuka: ukalemba 03/04 kutanthauza pa 3 Epulo, kompyuta yokonzedwa mwa Chimereka imawerenga kuti pa 4 Malichi. Mayina ndiye osanena. Kalasi imodzi imakhala ndi a Banda angapo ndi a Phiri angapo, ena ofanana ndi mayina oyamba omwe, ndipo kholo lina limalemba Phiri, lina Phili. Abasala amawasiyanitsa ndi nkhope, ndi mudzi, ndi dzina la agogo. Excel siidziwa nkhope ya munthu.

Nanga magetsi? Mukukumbukira Januwale wa 2022, namondwe Ana ataononga ku Kapichira, dziko n'kutaya mphamvu za magetsi pafupifupi mamegawati 130? Magetsi ankazima maola ambirimbiri kwa miyezi. Ofesi iliyonse imene inataya mabuku ponyadira kompyuta inkabweza makolo pakhomo, "Mubwere mawa, laputopu yatha moto." Kholo loti lakwera kabaza kuchokera kutali simungaliuze zimenezo. Akuluakulu akamati pepala silizima sakuyankhula zachikale, akuyankhula zomwe anaziona.

Komabe, ndipo apa ndilimbe mtima, akuluakulu nawo ali ndi mlandu umene sitiutchula chifukwa cha ulemu. Ndalama za sukulu si za abasala. Buku limene munthu mmodzi yekha amatha kuliwerenga ndi ngozi, ngakhale munthuyo akhale woona mtima ngati mngelo. Akadwala, akamwalira, kapena akangokwiya, sukulu yonse imakhala mu mdima. Ndipo tisanamizane, m'maofesi ena mawu oti "mwana wamwano" amagwiritsidwa ntchito kutseka pakamwa munthu amene wayandikira pomwe pali dzenje. Mukamva kuti "ife tinayamba ntchitoyi inu musanabadwe", nthawi zambiri ndi munthu wopwetekedwa mtima. Nthawi zina ndi munthu wobisa kanthu. Simungadziwe kuti ndi uti pongomva mawuwo, mudzadziwa pokhapokha mutakhala pansi ndi malisiti. N'chifukwa chake ndikuti musasiye Excel. Koma munthu ameneyu mukufunika kuti akutsegulireni buku, ndipo sangatsegule akuona ngati mukumusakira mlandu.

Za WhatsApp ndinene pang'ono, poti zimandinyansa. Gulupu ya kuntchito ndi ya kulengeza maliro, misonkhano ndi tsiku lotsekera sukulu. Si bwalo la milandu. Kwa inu, kulemba pa gulupu n'kufulumizitsa ntchito. Kwa munthu wa msinkhu wawo, n'chimodzimodzi kuima pa asembule n'kumuloza chala. Onjezani kuti mwina munalemba usiku, opanda ndi moni yemwe, mawu odula ngati mukulembera mnzanu wa ku koleji. Iwo anakula nkhani ya ndalama ikukambidwa chitseko chili chotseka, wamng'ono atayamba wapereka moni n'kudikira kuti apatsidwe mpando.

Choyamba kuchita Lolemba

Pitani m'mawa anthu asanachuluke, laputopu muisiye m'chikwama. Perekani moni bwinobwino, ndipo munene mwachidule: "Bambo, nkhani ija ndinayenera kuyamba ndafunsa inu. Pepani kuti ndinaiika pa gulupu." Musawonjezere "koma". Simukupepesa chifukwa chowerengera ndalama, mukupepesa njira imene munadutsa. Ngati sakufuna n'komwe kukuonani, pemphani munthu wa msinkhu wawo amene amamumvera, kaya achiwiri kwa ahedi kaya mphunzitsi wina wachikulire, akuperekezeni. Ndipo poti chipongwecho chinachitikira pa gulupu, nkhaniyo ikalongosoka mukalembenso pa gulupu pomwepo kuti mwakhala pansi ndi abasala ndipo akufotokozerani. Kupepesa kuseri munthu utamuyalutsa pagulu sikukwanira.

Kenako muwapemphe akuphunzitseni buku. Ndikunena zenizeni, osati mwachiphamaso. Funsani kuti ndi ana ati amene amalipiriridwa ndi mabungwe kapena mipingo, ndi ati a aphunzitsi, ndi ati amene makolo awo anagwirizana zolipira pang'onopang'ono kapena ndi katundu. Mayankho amenewo ndi amene akusowa mu fayilo yanu, ndipo sindingadabwe ngati gawo lalikulu la ndalama zanu "zosagwirizana" lili momwemo.

Fayilo yanuyo

Isakhale tsamba limodzi lothira zonse. Pangani masamba awiri. Loyamba la ana: nambala ya mwana, dzina, kalasi, fizi yoyenera kulipira. Mwana aliyense akhale ndi nambala yakeyake, ndipo nambalayo ilembedwenso pa tsamba lake m'buku la abasala, kuti a Banda asasokonezeke. Lachiwiri mulitche Malipiro, mzere umodzi pa lisiti iliyonse: A deti, B nambala ya mwana, C nambala ya lisiti, D ndalama, E njira yolipirira, F nambala ya uthenga wa pafoni kapena ya silipi ya ku banki. Mu kolamu ya njira musaike zitatu zokha. Onjezani katundu, kudula ku malipiro, ndi bungwe. Mukatero, powonkhetsa zoyenera kupezeka ku banki ndi m'bokosi mudzazichotsa zimenezi, ndipo chimanga sichidzaonekanso ngati kuba.

Kuti mudziwe zomwe mwana walipira, pa tsamba la ana mu kolamu E, ngati nambala yake ili mu A2:

```
=SUMIF(Malipiro!B:B,A2,Malipiro!D:D)
```

Kuti mugwire uthenga wobwera kawiri, pa tsamba la Malipiro mu kolamu G:

```
=COUNTIF(F:F,F2)
```

Paliponse pomwe patuluke 2 kapena kuposa, imani mufufuze. Nthawi zina ndi kholo limene latumiza ndalama kamodzi kulipirira ana awiri, ndiye onani ngati malisiti awiriwo akukwana ndendende ndalama ya mu uthenga. Dinani Ctrl+T kuti tsamba lililonse likhale tebulo, mizere izisuntha yathunthu posanja. Ndipo lisiti ya malipiro a pafoni isalembedwe poona chithunzi cha pafoni ya kholo, koma poona uthenga umene walowa pafoni ya sukulu.

Buku ndi kompyuta ziyende limodzi teremu yathunthu, osakambirana n'komwe zotaya buku. Lisiti azilemba ndi abasala, chidindo ndi siginecha zikhale zawo. Inu muzilowetsa kuchokera pa kaboni. Madzulo aliwonse musanaweruke, mphindi khumi zokha, iwo atchule chiwonkhetso cha tsikulo cha m'buku, inu cha pa sikirini. Zikasiyana, malisiti a tsiku limodzi ndi ochepa, mupeza vutolo musanatseke chitseko. Mukadikira kutha kwa teremu mudzakhala mukusaka K80,000 m'malisiti mazanamazana. Lachisanu muzipulinta mndandanda wa sabata, iwo auone, asayine, ndipo upite kwa ahedi kudzera m'manja mwawo. Mndandanda wa angongole usatuluke mu ofesi iwo asanauwerenge dzina ndi dzina. Zingakupwetekeni kuti thukuta ndi lanu koma pepala akukapereka ndi iwo. Ahedi si mwana, akudziwa amene amatayipa.

Fayiloyo musaisunge pa laputopu yanu yokha. Ikopereni pa fulashi imene izikhala mu ofesi, ndipo pasiwedi aidziwe ahedi ndi abasala omwe. Mukaibisa, ndiye kuti inunso mwatsegula dilowa yanuyanu.

Mukachita zonsezi koma ndalama zina n'kukhalabe zosaoneka, kapena buku n'kukanizidwabe mpaka teremu kutha, pamenepo nkhani yasintha ndipo si ya ulemunso. Lembani pa pepala manambala a malisiti, madeti ndi ndalama zake, osaikapo maganizo anu kapena dzina la amene mukumuganizira. Muwauze abasala kuti mukukapereka pepalalo kwa ahedi, mukalipereke pamanja muli awiri, ndipo kope imodzi musunge kunyumba.